Mayi, chimfine ichi sichimva makapisozi

Mayi, khalani kaye pansi, musanyamuke msanga. Ndaona nkhope yanu yagwa pamene ndalemba panado yekha m'bukumu, ndiye ndati tikambirane musanapite kolandirira mankhwala. Mwayenda mtunda wautali, mwasiya tomato wanu pamsika, mwakhala pamzere kuyambira m'mawa, ndipo mumayembekeza kuti mubwerera ndi amokisilini. Sikuti ndikukumanani, ndipo sikuti mankhwalawo atha. Ndikufuna mumve chifukwa chake sindinakulembereni.

Tiyambe ndi zimene ndapeza. Magazi aja tayeza, malungo mulibe. Thupi langofunda pang'ono. M'chifuwa ndamvetsera mbali zonse ziwiri, mpweya ukulowa ndi kutuluka bwinobwino, palibe chosonyeza chibayo. Kukhosi kwafiira koma kulibe mafinya, makutu ali bwino. Lero ndi tsiku lachitatu mukuyetsemula, mamina akuchucha, mutu ukulemera, usiku mphuno zikutseka. Chimenechi ndi chimfine, chomwechi chagwira anthu ambiri ndi kuzizira kwa mwezi wa Juni uno.

Tizilombo toyambitsa matenda sitofanana tonse. Pali mabakiteriya, pali mavairasi. Bakiteriya ndi kachilombo kokhala ndi moyo pakokha, kamadya, kamaswana, ndipo kali ndi chikhungwa chokatchinjiriza. Amokisilini ntchito yake ndi kuwononga chikhungwa chimenecho, kachilomboko n'kuphulika, n'kufa. N'chifukwa chake amathandiza pa matenda ngati chibayo choyamba ndi mabakiteriya. Chimfine chimayamba ndi vairasi. Iyeyu ndi wamng'ono kwambiri kuposa bakiteriya, chikhungwa chotere alibe, ndipo amalowa m'kati mwa timaselo ta m'mphuno ndi kukhosi kwanu n'kumachulukana ali momwemo. Kapisozi akafika m'thupi sapeza choti agwire. Zili ngati kuthira mankhwala a anankafumbwe m'chimanga pamene akudya chimangacho ndi makoswe. Mankhwalawo ndi abwino, koma khoswe sawamva, ngakhale mutathira botolo lonse.

Mwanena kuti chaka chatha munagula makapisozi pagolosale, munamwa masiku awiri, chimfine n'kutha. Ndikukhulupirira kuti munachiradi. Koma chimfine chimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo munthu amakagula mankhwala nthawi yomweyo, pamene zamuthina. Kuchokera apo chimayamba kutsika chokha, pakatha masiku 7 mpaka 10 chatha. Amene anakuchizani ndi chitetezo cha m'thupi mwanu, kapisozi anangofika pa nthawi yoti muyambe kupeza bwino. Mukanapanda kumwa mukanachira chimodzimodzi.

Za mamina achikasu zija, musade nazo nkhawa. Anthu ambiri amati mamina akalimba n'kusanduka achikasu kapena obiriwira ndiye kuti matenda akula, pakufunika mankhwala amphamvu. Ayi. Mtunduwo umabwera ndi asilikali a m'thupi amene akulimbana ndi kachilomboko, ndipo zimachitika pa chimfine wamba. Kutsokomola nako kumatsalira, mwina sabata ziwiri kapena zitatu, mphuno zitauma kale.

Mwina mumtima mukuti, nanga kungomwa kuli ndi vuto lanji, ngati sathandiza si basi angodutsa? Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa sangodutsa ayi. M'matumbo mwathu, pakhungu ndi kumalo obisika muli mabakiteriya ambirimbiri otithandiza. Kapisozi sasankha, amapha ndi amenewo. Ena akamwa amatsegula m'mimba, ena amatuluka zidzolo, amayi ena amayamba kuyabwa kumaliseche, ndipo alipo ochepa amene thupi lawo limadana nawo mpaka kutupa nkhope ndi kubanika. Munthu akakhala ndi chibayo, timavomera zimenezi chifukwa phindu lake ndi lalikulu. Pa chimfine mungatenge mavuto okhaokha.

Vuto lalikulu ndi lina. Nthawi iliyonse mukamwa maantibayotiki, mankhwala opha mabakiteriya ngati amokisilini, mabakiteriya ofooka amafa, koma olimba amapulumuka n'kuswana. Amenewo amakhala m'thupi mwanu, ndipo amapita kwa ana anu ndi anthu amene mumadyera nawo limodzi. Tsiku lina mwana wadwala chibayo chenicheni, kapena inuyo mwadwala matenda a m'chikhodzodzo, tikupatsani mankhwala omwewo, osagwira. Si nkhani yakunja iyi. Ku Blantyre, kuyambira cha m'ma 2011, matenda a tayifodi anachuluka kwambiri, ndipo kachilombo kake kanali kosamva mankhwala atatu amene kale ankachiza matendawa: ampisilini, kiloramfeniko ndi bakitirimu. Mankhwala otsatira amakhala odula, ena ndi a jakisoni ofuna kugona m'chipatala, ndipo pachipatala chaching'ono ngati chino sapezeka nthawi zonse. Ine zimandiwawa kuona wodwala amene mankhwala akumukana. Ndiye amokisilini ameneyu tiyeni timusungire tsiku limene adzakupulumutsenidi.

Jakisoni nayenso ndi chimodzimodzi, mayi. Kuwawa kwa singano sikupha vairasi.

Tsono zochita ndi izi. Panado ndakulemberani ndi wa mutu, kuphwanya kwa thupi ndi kukhosi. Imwani awiri, mudikire maola 6 musanamwenso, ndipo asapitirire 8 pa tsiku. Mankhwala ambiri a chimfine ogula m'sitolo ali ndi panado m'kati, ndiye musaphatikize. Imwani madzi ambiri, thobwa, phala, tiyi wothira mandimu. Uchi supuni imodzi musanagone umafewetsa chifuwa, koma mwana wosakwana chaka musamupatse uchi. Kukhosi kukamakanda, sungunulani kamchere pang'ono m'madzi ofunda, muchukuche kukhosi, mulavule. Pewani utsi, ngati n'kotheka wina akuphikireni masiku awiriwa, kapena phikirani panja. Mawa musalawirire kupikula tomato m'bandakucha, mutume mchemwali wanu uja, inu mugone.

Mwana wanu wa miyezi 8 pitirizani kumuyamwitsa, mkaka wanu ukumuteteza. Sambani m'manja ndi sopo mukamina, musanamunyamule, ndipo poyetsemula tsekani ndi chigongono. Akayamba kupuma mofulumira, m'munsi mwa nthiti mukamalowa m'kati popuma, akakana bere, akatentha thupi, akakomoka kapena akafooka kwambiri, bwerani naye tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Inunso sindikukuthamangitsani. Nthawi zina chimfine chimatsegula njira, bakiteriya n'kulowerapo, ndipo zikatero mankhwala aja ndidzalemba ndine ndemwe. Bwererani msanga mukayamba kupuma movutika, mukamva kubaya m'nthiti popuma, thupi likatentha kwambiri kapena kupitirira masiku atatu, khutu likayamba kuwawa kapena kutuluka mafinya, mukalephera kumeza, kapena mukayamba kupeza bwino kenako n'kudwalanso kwambiri. Chifuwa chikakwana sabata ziwiri, kapena mukaona magazi m'makhololo, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, tidzayeza makhololo kuti tione za chifuwa chachikulu.

Mwandiuzanso kuti bambo kunyumba amamwa bakitirimu tsiku lililonse pamodzi ndi ma ARV. Iwo apitirize, asasiye, awo anawapatsa kuti awateteze ku matenda ena. Koma inu musatapeko a chimfine, ndipo makapisozi otsala aja muli nawo m'kabati musapatse mwana kapena mnansi, mudzabwere nawo kuno.

Ndalemba zonse m'bukumu, tsiku la lero ndi zimene tapeza. Ngati pofika Lolemba sizikusintha, bwerani ndi buku lomweli. Pali chimene sindinalongosole bwino? Funsani, mayi, musaope mzere uli panjawo.