Kwa osewera onse: za kutenthetsa thupi Loweruka lino

Anyamata anga,

Ndakulemberani kalatayi chifukwa ndikamalankhula pabwalo, ena mumakhala mukumanga zingwe za nsapato, ena maso ali pa anthu amene abwera kudzaonera, ndiye mawu anga amangopita ndi mphepo. Muiwerenge modekha muli kunyumba.

Zimene zinachitika Loweruka lapitali munaziona nonse. Mnzanu uja anafika mpira utatsala pang'ono kuyamba, anavala yunifomu mothamanga, anadumphadumpha kawiri pambali pa bwalo, n'kundiuza kuti, "Kochi, ine ndili bwinobwino." Mphindi zisanu zisanathe anathamangira mpira wautali kumapiko, ndipo ali pakati pa liwiro anangoima, dzanja lili kuseri kwa ntchafu, mwendo akuukoka. Palibe amene anamugunda kapena kumutchera. Mnofu unangozunguzika chifukwa unauzidwa kuti uthamange usanadzuke. Lero akuonera anzake ali pabenchi, ndipo atenga masabata angapo asanabwerere. Mlandu wake ndi wa ine, chifukwa ndine ndinamulola kulowa. Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndipo sindidzabwerezanso.

Mukakhala pansi, magazi ambiri amapita ku ziwalo za m'kati, ndipo amene amafika ku minofu ndi ochepa. Mukayamba kuthamanga pang'onopang'ono, mtima umawonjezera kugunda, mitsempha ya magazi imatseguka, ndipo mpweya umayamba kufika wambiri m'miyendo. Koma zimenezi sizichitika ngati kuyatsa getsi. Thupi limafuna mphindi zingapo. N'chifukwa chake amene sanatenthetse thupi amakhala wefuwefu kumayambiriro kwa mpira, manja ali m'chiuno, ngati wasewera kale chigawo chonse. Mnofu ukatentha umafewa, umatambasuka mosavuta ndipo umakoka msanga. Tengani labala amene wagona pozizira, mumukoke mwadzidzidzi, muone mmene amachitira. Ndiye mutenge wina, mumutikite kaye m'manja, kenako mumukoke. Minofu ya kuseri kwa ntchafu, ya m'mphechepeche ndi akatumba ndi imene imavulala kawirikawiri mu mpira, chifukwa ndi imene imagwira ntchito yadzidzidzi: kuyamba liwiro, kuima, kukhota, kumenya shoti.

Pali china chimene chikukhudza inuyo makamaka, pa msinkhu wanuwu. Muli pa nthawi yokula mofulumira. Ena mwa inu kabudula amene munkavala chaka chatha pano sakufika pomwe ankafika. Mafupa akamatalika chonchi, minofu ndi mitsempha yake imatsalira m'mbuyo pang'ono, ndiye imakhala yokungika. Amene mumandidandaulira za kupweteka kumunsi kwa bondo, pakafupa kotukuka kaja, kapena kuchidendene, nthawi zambiri gwero lake limakhala limeneli. Ndikudziwa kuti mumadziona ngati simungathyoke, ndipo n'zoona kuti mumachira msanga kuposa ine. Koma bondo limene mungaliwononge muli ndi zaka 15 ndi lomwelo mudzayendere muli ndi zaka 40.

Izi si nzeru zanga zokha. Bungwe la FIFA lili ndi ndondomeko yotenthetsera thupi yotchedwa 11+, yokonzedwera osewera a zaka 14 kupita m'tsogolo, ndipo imatenga mphindi pafupifupi 20. Ataiyesa ku Norway pa atsikana osewera mpira a zaka 13 mpaka 17, zotsatira zimene zinatuluka mu 2008 zinaonetsa kuti matimu amene ankaitsatira ankavulala mocheperako, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zambiri zimene timachita pokonzekera pakati pa sabata, monga kuima ndi mwendo umodzi ndi kudumpha n'kutera mawondo atapindika, zinachokera mmenemo. Mukamaziseka muzidziwa kuti n'zimene zikusunga mawondo anu.

Tisiye za kuvulala, tikambe za mpira weniweniwo. Kumbukirani zigoli zimene tachinyitsa chaka chino mpira utangoyamba kumene. Wotchinga kumbuyo amachedwa ndi phazi limodzi lokha, pasi yoyamba imafupika, goloboyi mpira woyamba umamupulumuka m'manja. Amenewo si matsoka. Maso, ubongo ndi mapazi zimafunanso kudzutsidwa kuti zimvane. Ukagunda mpira maulendo makumi angapo wezulo isanalire, umadziwa kale ngati bwalo likuterera, ngati mpira ukudumpha kwambiri, komanso kumene mphepo ikulowera. Ndipo mantha aja amene amakugwira m'mimba ukaona timu inayo ikutsika galimoto, amachepa ukayamba kutuluka thukuta limodzi ndi anzako. Ine ndinasewerapo, ndikuwadziwa mantha amenewo.

Ndiye Loweruka tichita chonchi. Tiyamba ndi kuthamanga pang'onopang'ono awiriawiri, kutsogolo, cham'mbali ndi chafutambuyo, mpaka thupi limve kutentha. Kenako titambasula minofu tikuyenda: kukweza mawondo, zidendene kugunda kumatako, kutsegula ndi kutseka chiuno, kuponya mwendo kutsogolo ndi kumbuyo. Apa ndipempheko chinthu chimodzi. Ena mumakonda kungofika n'kukhala pansi, kugwira chala cha kuphazi n'kukoka mwendo kwa nthawi yaitali thupi lili lozizira, mukucheza. Kumeneko si kutenthetsa thupi, ndipo kukoka mnofu nthawi yaitali chonchi mpira usanayambe kungathe kuchepetsako mphamvu yanu pa liwiro. Zimenezo tizichita mpira ukatha. Tikachoka apo titenga mipira: kupatsirana, kulandira, kasewero kolandana mpira pamalo ochepa, otsogolo kumenya mashoti, goloboyi ndi mnzake pambali. Timaliza ndi maliwiro afupiafupi angapo, omaliza ake amphamvu zonse, kuti liwiro loyamba la tsikulo lisakhale la mu mpira. Sindikufuna kuti mutope. Ndikufuna kathukuta pamphumi, kupuma kokwererako pang'ono, koma mukutha kulankhula.

Inu oyambira pabenchi, nkhaniyi ndi yanunso, mwinanso kuposa anzanu. Mukakhala pansi chigawo chonse, kutentha kuja kumatha. Muzivala chofunda, muzidzuka nthawi ndi nthawi n'kuthamanga m'mbali mwa bwalo, ndipo pa nthawi yopuma muzikhala ndi mpira kumapazi. Ndikakutchula dzina ndisakupeze utagona pa udzu. Nanunso amene muli m'bwalo, mphindi zopuma zija zikamatha muzidzuka msanga n'kuyendetsako miyendo tisanabwerere.

Ngati pena pakukupweteka pamene tikutenthetsa thupi, undiuze nthawi yomweyo. Sindikukalipira ndipo malo ako mu timu sakutayika. Ndi bwino uphonye mpira umodzi kusiyana n'kubisa, n'kudzaphonya mipira isanu.

Mpira uyamba 3 koloko masana. Aliyense akhale atafika pofika 2 koloko, ndipo ikamakwana hafu pasiti 2 tikhale titavala, tili m'bwalo. Mubwere ndi botolo la madzi ndi zotetezera miyendo. Amene adzafike titayamba kale kutenthetsa thupi adzayambira pabenchi, kaya ndi kaputeni, kaya ndi amene watichinyira zigoli zambiri, ndipo adzalowa pokhapokha atamaliza zonse zimene anzake achita, ine ndikuona. Ngati muli ndi vuto la mayendedwe, mundidziwitse Lachisanu kuti tione chochita. Makolo anu muwaonetse kalatayi kuti akumasuleni nthawi yabwino.

Ndine,
Kochi wanu